Kalembedwe ka nkhani ya ana: mnyamata amene watola kachikwama ka ndalama pa Ngabu

Aphunzitsi, atsogoleri a Sande sukulu ndi makolo amene amakonda kusimbira ana madzulo amayesa kawirikawiri kulemba nkhani ya mwana amene watola ndalama n'kubweza. Nkhani zambiri zotere zimafa zisanafike pakati. Mwanayo amatola kachikwama pa mzere wachitatu, pa mzere wachinayi wakumbukira kale kuti kuba n'tchimo, pa mzere wachisanu ali kupolisi, ndipo pomaliza mwini ndalama, yemwe nthawi zonse amapezeka kuti ndi bwana wa galimoto, wamulonjeza fizi mpaka kuyunivesite. Ana amamvetsera mwaulemu, koma palibe amene amapempha kuti muibwereze. Vuto lake ndi loti mwana wa m'nkhaniyo sanayesedwe. Pano ndikufuna tiimange limodzi nkhaniyi kuyambira pansi, ndipo ndiiika kwathu kuno kuchigwa cha Shire, pa Ngabu, m'mwezi wa Okutobala.

Gawo loyamba: dziwani amene mukumulembera

Sankhani msinkhu umodzi. Ine ndikulembera ana a Sitandade 3 ndi 4, azaka zapakati pa 8 ndi 10, amene amaphunzira m'Chichewa ndipo ayamba kuwerenga okha ngakhale akadali kutsata mzere ndi chala. Kwa ana otere nkhani ya mawu 600 mpaka 800 ndi yokwana. Mnyamata wa m'nkhani akhale wamkuluko pang'ono kuposa omvera, chifukwa ana amakonda kuyang'ana kwa amene ali patsogolo pawo. Wathuyu ndimupatsa zaka 11 ndipo ndimutcha Fatsani. Anthu ofunika m'nkhani asapitirire asanu: Fatsani, mnzake Zuze, mayi ake, mkulu wa akabaza ndi mwini kachikwama. Mukawonjezera azakhali, aneba ndi apolisi awiri, mwana womvera amayamba kufunsa kuti uyu ndiye uti, ndipo nkhani yaima.

Musankhenso pano ngati ikhale nthano kapena nkhani ya masiku ano. Mukayamba ndi "Padangokhala" ana n'kuyankha kuti "Tili tonse," mwawalonjeza dziko la akalulu ndi afisi, kumene chilichonse chimatheka. Nkhani ya kachikwama mphamvu yake ndi yoti ikhoza kuchitikira mwana aliyense mawa popita kusukulu, choncho iyambe ndi tsiku lenileni ndi malo enieni.

Gawo lachiwiri: mupatseni mnyamatayo chosowa chimene chikupweteka lero

Apa m'pamene olemba ambiri amalakwitsa pofuna kumvetsa chisoni. Amati Fatsani ndi mwana wamasiye, kwawo sadye masiku atatu, mlongo wake akudwala. Chosowa chikakula chotere, mwana wanzeru amaona kuti kusunga ndalamazo kukanakhala bwino, ndipo sakulakwa kwenikweni. Chosowa chikachepanso, monga kulakalaka switi, palibe amene amadabwa kuti wabweza. Funani chapakati, chooneka ndi maso, chimene mwana aliyense wa kuno amachidziwa m'thupi mwake.

Ine ndasankha mapatapata. Mu Okutobala ndi Novembala kuno kutentha kumapitirira madigiri 40, ndipo mchenga wa masana umaotcha phazi ngati phulusa la pamoto. Mwana wa ku Chikwawa kapena ku Nsanje amadziwa kuthamanga kuchokera pa mthunzi wa mtengo uwu kukapuma pa mthunzi wa winawo. Lamba wa patapata la Fatsani waduka kachitatu, ndipo waya amene anamangira pansi akumubaya chidendene. Mayi ake anena kuti adikire mwezi uthe. Ziganizo zitatu zokha, chosowa chaoneka. Simufunika kulemba kuti "Fatsani anali wosauka." Mawu amenewo musawalembe n'komwe, chifukwa pakati pa omvera pali ana ambiri ovala mapatapata omanga ndi waya, ndipo sakufuna kupatsidwa dzina pamaso pa anzawo.

Gawo lachitatu: dzazani kachikwamako musanalembe chiganizo choyamba

Ili ndi gawo limene ndimathera nthawi yaitali, chifukwa nkhani yonse ili m'kachikwamamo. Tengani pepala padera mulembe chilichonse chimene chili m'kati, ndipo pa chinthu chilichonse mudzifunse kuti chikugwira ntchito yanji.

Yambani ndi ndalama, ndipo muziwerenge molondola. M'kachikwama kathu muli K38,500: ma K5,000 asanu ndi awiri, K2,000 imodzi, K1,000 imodzi ndi K500 imodzi. Onse pamodzi ndi mapepala khumi. Ana amawerengera m'mutu mukamasimba, ndipo mukalakwitsa masamu pamakhala wina kumbuyo amene amakweza dzanja. Onetsetsaninso nkhope. Pa K5,000, imene idayamba kugwira ntchito mu 2022, pali Kamuzu Banda, monganso pa K1,000, pamene pa K2,000 ndi K500 pali John Chilembwe. Fatsani akhoza kuyala ndalamazo pa bondo n'kuwerenga kuti a Kamuzu alipo asanu ndi atatu, a Chilembwe awiri. Umu ndi mmene mwana amaonera ndalama. Koma mtengo wa mapatapata musaulembe. Mitengo ikusintha msanga, ndipo nkhani yanu ingakalambe chaka chisanathe. Ingonenani kuti pepala limodzi lokha likanakwana n'kutsalako chenje.

Chachiwiri ndi chiphaso cha unzika. Kuyambira kalembera wa 2017 akuluakulu ambiri amayenda nacho, ndipo chili ndi dzina ndi chithunzi. Ntchito yake m'nkhani ndi yaikulu: chimasandutsa ndalama zopanda mwini kukhala ndalama za munthu amene ali ndi nkhope. Fatsani akuona nkhope ya mkulu wa imvi, wofanana msinkhu ndi agogo ake.

Chachitatu ndi kalata yopindidwa kanayi, yokhala ndi chidindo cha chipatala, yotumiza wodwala ku Gulupu, chipatala chachikulu cha Queen Elizabeth ku Blantyre. Agogowa ali ndi ng'ala m'maso. Agulitsa mbuzi pa msika kuti apeze ndalama ya ulendo, ndipo tsiku lolembedwa pa kalatayo ndi mawa. Taonani zimene kapepala kamodzi kachita. Kafotokoza kumene ndalama zachokera. Kafotokoza chifukwa chimene mwini wake sanaone kachikwama kakugwa. Kaikanso malire a nthawi, chifukwa Fatsani akazengereza mpaka mkucha, kubweza kwake sikuthandizanso. Zolemba za kuchipatala kawirikawiri zimakhala m'Chingerezi ndiponso m'zilembo zovuta kuwerenga, choncho Fatsani asawerenge kalata yonse. Azindikire chidindo ndi manambala a tsiku basi, zotsalazo adzamasulire munthu wamkulu.

Pali chinthu chimodzi chimene ndidaphunzira kwa ana enieni. Ulendo woyamba ndidalemba kuti mwini kachikwama ndi agogo aakazi, ndipo kamtsikana kena kadandiuza kuti agogo ake samasunga ndalama m'kachikwama, amamanga pa nsonga ya chitenje. Kadanena zoona. N'chifukwa chake pano mwini wake ndi bambo wachikulire amene kachikwama kanali m'thumba la kumbuyo kwa buluku, ndipo kadatuluka pamene kabaza amadumpha pa mabampu.

Gawo lachinayi: sankhani malo amodzi ndi ola limodzi

Chigwa chathu chili ndi zambiri zokopa wolemba: minda ya nzimbe ya ku Nchalo, mvuu ndi ng'ona za mu Shire, nyama za ku Lengwe ndi ku Majete, chitunda cha Thabwa chimene minibasi zimakwera mwapang'onopang'ono popita ku Blantyre. Musaziike zonse. Nkhani ya mawu 700 imanyamula malo amodzi otolera ndi amodzi obwezera. Fatsani atole pa kanjira kafumbi kochoka mu msewu wa M1 kulowa kumudzi, pansi pa mtengo wa m'bawa kapena wa nimu, akuweruka kusukulu dzuwa lili paliwombo. Ola limeneli lili ndi phindu lake: anthu onse abisala m'mithunzi, njira ili zii, ndipo palibe amene wamuona. Mboni zikakhalapo, kubweza kumakhala mantha chabe. Chiyambi chikhoza kumveka chonchi:

Dzuwa linali paliwombo pamene Fatsani ankachokera kusukulu. Mchenga unkaotcha. Patapata lake lakumanzere linadukanso, ndipo analinyamula m'manja. Anathamanga mpaka pa mtengo wa nimu n'kuima ndi mwendo umodzi ngati kakowa. Atayang'ana pansi anaona kanthu kakuda m'fumbi.

Onani kuti pofika chiganizo chachisanu kachikwama kaoneka kale. Musathe ndime ziwiri kufotokoza za banja ndi mudzi. Sankhaninso pakati pa "anapita" ndi "adapita" ndipo musasinthe mpaka kumapeto, chifukwa mwana amene akuphunzira kuwerenga amapunthwa pa kusinthako.

Gawo lachisanu: mulole ayesedwe, ndipo musamupulumutse msanga

Gawo limeneli litenge pafupifupi theka la nkhani yonse. Fatsani aike kachikwama m'thumba. Inde, aike. Ayende nako. Mwana womvera azimva mtima ukugunda, chifukwa akudziwa kuti nayenso akanachita chimodzimodzi.

Maganizo a m'mutu ndi ovuta kuwaonetsa kwa ana, choncho apatseni pakamwa. Imeneyi ndi ntchito ya Zuze. Zuze asakhale mwana woipa, wosuta fodya kapena wothawa kusukulu. Akhale mnzake weniweni, amene amagawana naye masau, ndipo mfundo zake zikhale zomveka:

"Iwe, waba ngati? Watola! Chotola si chakuba."

"Koma muli chiphaso cha munthu."

"Chiphasocho tikachiponye pa msika, achipeza. Tenga pepala limodzi lokha. Akawerenga adzaganiza kuti adalakwitsa okha."

Yesero la pepala limodzi ndi lamphamvu kuposa la kutenga zonse. Ana ambiri amadziwa kuti kutenga K38,500 ndi mlandu. Koma kuchotsapo K5,000 n'kubweza zotsalazo, n'kutamandidwanso kuti ndiwe mwana wabwino, pamenepo m'pamene mtima umagawikana. Mufikitseni Fatsani mpaka pa benchi la wogulitsa mapatapata, aone abuluu amene akumukwana, dzanja lili m'thumba likukhudza pepalalo.

Tsono n'chiyani chimubweze? Apa pali misampha itatu. Woyamba ndi kuopa kugwidwa: wapolisi akadutsa Fatsani n'kuchita mantha, mwaphunzitsa ana kuti ukakhala wekha ukhoza kutenga. Wachiwiri ndi mawu a munthu wamkulu amene akungotulukira n'kulalikira, chifukwa chisankho chimachoka m'manja mwa mwanayo. Wachitatu ndi kuyembekeza mphotho. Chimene chimubweze chichokere m'kachikwama momwemo. Potulutsa pepala la ndalama, kalata ija igwe. Aitole, aone chidindo, akumbukire tsiku limene mayi ake adayenda mudzi wonse kubwereka ndalama ya minibasi kuti apite ndi mng'ono wake kuchipatala, ndi mmene adawerengera kawiri pa mkeka kuti aone ngati ikwana kupita ndi kubwera. Ayang'ane manambala a tsiku, azindikire kuti ndi mawa. Kenaka lembani chochita, osati chiphunzitso:

Fatsani anabwezera pepalalo pakati pa anzake. Anawerenga. Khumi. Anatseka kachikwama. Wogulitsa uja anafunsa kuti, "Ugula kapena ukungoona?" Fatsani anati, "Ndikungoona," ndipo anatuluka padzuwa ndi patapata lake m'manja.

Palibe paliponse pamene ndalemba mawu oti "kukhulupirika" kapena "chilungamo." Mwana waona yekha.

Gawo lachisanu ndi chimodzi: njira yobwezera ikhale yoti mwana weniweni angaitsate

Nkhaniyi ana ena adzaitsanzira, choncho gawo ili lifunika kulisamala. Fatsani asayende yekha kufunafuna munthu wosamudziwa, asakwere kabaza kupita kumudzi wachilendo, ndipo asaime pakati pa msika n'kufuula kuti ndani wataya ndalama. Akafuula chotero eni ake amapezeka asanu. Palinso choopsa china chimene tonse timachidziwa: pa msika mwana wogwira kachikwama ka munthu wamkulu akhoza kukuwiridwa kuti ndi wakuba asanatsegule pakamwa. Choncho apite kaye kwa wamkulu amene amamukhulupirira, kaya mayi ake, mphunzitsi kapena atsibweni ake, ndipo wamkuluyo ndiye apite naye kwa amfumu, kwa wapampando wa msika kapena kupolisi.

M'nkhani yathu Fatsani akupeza mayi ake akupeta mapira. Mayiwo asadumphe ndi chimwemwe. Akhale chete kanthawi akuyang'ana ndalamazo, chifukwa nawonso ali ndi zosowa, ndipo ana amadziwa zimenezi. Kenaka afunse funso limodzi: "Zonse zilimo?" Fatsani ayankhe kuti, "Zilimo, amayi. Ndinatsala pang'ono kuchotsapo imodzi." Chiganizo chimenechi musachichotse. Kuulula kuti adayesedwa ndi kulimba mtima kwachiwiri, ndipo kumauza mwana womvera kuti kulakalaka pakokha si kugwa.

Mayi ndi mwana apite pa siteji ya akabaza, chifukwa njira ija amadutsamo kwambiri ndi akabaza ndipo iwo amadziwa amene anyamula tsiku limenelo. Apeze mkulu wa akabaza ali pakati pa mkangano. Agogo aja akhala pansi, chipewa chili m'manja, ndipo anthu akuloza mnyamata wa kabaza amene adawanyamula kuti ndiye wawapisa m'thumba. Kachigawo kameneka kamawonjezera kulemera kwa nkhani ndi ziganizo zochepa: Fatsani akanasunga ndalamazo, munthu wosalakwa akanasenza mlandu. Ana amagwira mfundo imeneyi msanga, chifukwa aliyense wa iwo adanamiziridwapo.

Kutsimikiza mwini wake kuchitike poyera. Mayi asatulutse kachikwama nthawi yomweyo. Anong'oneze mkulu wa akabaza, ndipo iye afunse kuti, "Agogo, munali zingati, ndipo munalinso chiyani?" Agogo atchule ndalama, chiphaso ndi kalata ya ku Gulupu. Ayerekeze nkhope ndi chithunzi, kenaka awerenge mapepala mokweza pamaso pa anthu. Ana omvera amawerenga nawo mpaka khumi, ndipo amene amakumbukira za pepala limodzi lija amapuma pamenepo.

Gawo lachisanu ndi chiwiri: mphotho

Apa ndili ndi maganizo olimba. Musamulemeretse Fatsani. Nkhani ikatha ndi njinga yatsopano kapena fizi ya zaka zonse, mwana amaphunzira kuti kubweza ndi malonda, ndipo tsiku limene adzabweze chinthu n'kungouzidwa kuti zikomo adzaona ngati wapusitsidwa. Komanso musamusiye chimanjamanja ngati kuti palibe amene waona, chifukwa ana amafuna kuti chabwino chizindikiridwe.

Agogo atulutse K1,000 kuti ampatse. Mayi akane mwaulemu: "Ayi agogo, ulendo wanu ndi wautali, muigwiritse ntchito kumeneko." Ngati agogowo ndi Msena, monga ambiri a kuno, ayankhe ndi liwu limodzi la kwawo, "Takhuta," atagwira dzanja la mwanayo ndi manja awiri. Liwu limodzi lotere limakwana kuonetsa kumene tili. Musadzaze nkhani ndi Chisena kapena Chimang'anja chakuya ngati idzawerengedwanso ndi ana a kumtunda. Mnyamata wa kabaza uja, amene wapulumuka ku mlandu, atenge patapata lija alisoke ndi chingwe cha tayala, n'kumuuza Fatsani kuti akwere amuperekeze. Imeneyi ndi mphotho ya msinkhu woyenera, yochokera kwa munthu amene ali ndi chifukwa chenicheni chothokozera.

Mathero ake abwerere ku chinthu chimene mudabzala kale, maso aja:

Patapita milungu itatu, Fatsani anapeza mlendo atakhala pa khonde, pambali pake pali kathumba ka malambe. Agogo aja anamuyang'ana nthawi yaitali. "Ndiye ndiwe," anatero. "Tsiku lija ndinangomva mawu ako. Lero ndakuona."

Imani pamenepo. Dzanja lidzafuna kuwonjezera kuti "Ana inu, nkhaniyi ikutiphunzitsa kuti..." Ligwireni. Ngati ndinu mphunzitsi ndipo mukufuna kukambirana, funsani mafunso pakamwa nkhani itatha, ndipo akhale mafunso amene alibe yankho limodzi: Zuze adalakwa pati, popeza sanabe kanthu? Mukanakhala mulibe chiphaso ndi kalata, Fatsani akanatani? Funso lachiwirili limautsa mkangano wabwino, ndipo m'pamene mungawauze kuti ngakhale ndalama zopanda dzina zimakaperekedwa kwa wamkulu.

Za Zuze, musamulange. Asalumidwe ndi njoka kapena kukwapulidwa. Mpatseni mzere umodzi kumapeto, mwina akudya nawo malambe n'kunena kuti, "Komabe abuluu aja anali okongola." Ana amaseka, ndipo Zuze amakhalabe mnzawo. Ambiri mwa omvera anu ndi a Zuze, ndipo mukamutaya mwawataya.

Gawo lomaliza: iwerengeni mokweza, kenaka dulani

Mukamaliza kulemba, igonekeni usiku umodzi. M'mawa iwerengeni mokweza muli nokha. Chiganizo chimene mpweya ukukutherani musanachimalize ndi chachitali, chiduleni pawiri. Kwa msinkhu umenewu ziganizo zambiri zisapitirire mawu khumi ndi awiri. Sakani mawu a mu ofesi monga "potengera," "mogwirizana ndi" ndi "zotsatira zake," muwachotse. Mawu oyerekeza kamvekedwe ndi kaonekedwe ka zinthu, monga zii, phi, mbee ndi gwa, ndi chuma cha chinenero chathu ndipo ana amawakonda, koma atatu kapena anayi m'nkhani yonse akwana. Onaninso ulemu: Fatsani anene "inu" ndi "agogo" kwa akulu, "iwe" kwa Zuze, ndipo polandira kapena kupereka chinthu kwa wamkulu agwiritse manja awiri.

Kenaka sonkhanitsani ana asanu kapena asanu ndi mmodzi pansi pa mtengo, madzulo kukayamba kuzizira, ndipo muwawerengere mukuyang'ana nkhope zawo. Akayamba kujambula pa mchenga kapena kutsinana musanafike pa kachikwama, chiyambi chatalika. Mukafika pa benchi la mapatapata imani, mufunse kuti, "Atani?" Onse akayankha pamodzi kuti abweza, yesero lanu ndi lofooka, ndipo mubwerere ku gawo lachisanu mukalimbitse mfundo za Zuze. Akagawikana, ena n'kumati agule ena n'kumati ayi, nkhani yagwira. Mawa lake itanani mmodzi wa iwo akusimbireni nkhaniyo mwa iye yekha. Zimene wakumbukira zisungeni. Zimene wadumpha ziyang'aneni kawiri, chifukwa kawirikawiri ndi zimene mudazilembera akuluakulu. Pamene ine ndidayesa zimenezi, mwana adasimba za waya wa patapata, mapepala khumi, wa kabaza wonamiziridwa ndi malambe, koma ndime yonse imene mkulu wa akabaza amayamikira Fatsani pamaso pa anthu adaidumpha. Ndidaichotsa, n'kusiya mzere umodzi wokha pamene mkuluyo akufunsa mayi aja kuti, "Mwanayu ndi wanu?"